Dzina limodzi, kalembedwe kosiyana: njira zinayi zochotsera makasitomala obwerezedwa mu sipuredishiti

Mndandanda wa makasitomala ukamalembedwa ndi anthu angapo kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kasitomala mmodzi amayamba kuonekamo kangapo. Wina analemba dzina mmene analimvera pafoni, wina anayambira ndi dzina la bambo, wina anali pachangu ndiye anangoika chilembo choyamba. Munthu akayang'ana amazindikira msanga kuti ameneyu ndi yemweyo, koma kompyuta imayerekeza chilembo ndi chilembo, ndipo chimodzi chikasiyana imati awa ndi anthu awiri.

Pali njira zinayi zimene anthu amagwiritsa ntchito kwambiri. Ndiziyesa zonse pa kamndandanda kamodzi kuti tione chimene iliyonse ikugwira ndi chimene ikuphonya. Mayinawa ndi ongopeka, ndipo pa foni ndangoonetsa manambala anayi akumapeto.

| Mzere | A: Dzina | B: Foni | C: Maoda |
|---|---|---|---|
| 2 | Chikondi Phiri | …4417 | 6 |
| 3 | chikondi phiri | …4417 | 2 |
| 4 | Phiri, Chikondi | …4417 | 1 |
| 5 | Chikondi Phili | | 1 |
| 6 | C. Phiri | …4417 | 3 |
| 7 | Chikondi Phiri | …9052 | 7 |
| 8 | Chisomo Phiri | …4417 | 2 |
| 9 | Tadala Ng'oma | …3308 | 5 |
| 10 | Tadala Ngoma | …3308 | 1 |

Pa mzere 3 pali mpata wosaoneka kumapeto kwa dzina, womwe wolemba anausiya mosadziwa. Zoona zake ndi izi: mizere 2, 3 ndi 4 ndi munthu mmodzi. Wa pa mzere 7 ndi munthu wina, angofanana mayina ndi woyambayo. Chisomo wa pa mzere 8 ndi m'bale wake wa Chikondi, amagwiritsa ntchito foni imodzi. Mizere 9 ndi 10 ndi munthu mmodzi. Mizere 5 ndi 6 ndiyo yovuta, tibwererako. Maoda onse pamodzi ndi 28, ndipo nambala imeneyi muisunge pamtima chifukwa ndi imene idzatiuze ngati tataya kanthu.

Musanayambe chilichonse, sungani kope ya fayiloyo pambali. Fayilo mukaisunga n'kuitseka, Undo singabwezenso mizere imene mwafufuta.

Batani la Remove Duplicates

Apa ndi pamene aliyense amayambira. Mu Excel lili pansi pa Data, ndipo mu Google Sheets mulipeza pa Data, kenako Data cleanup. Mumasankha makolamu oti liyerekeze, ndiye limasunga mzere woyamba n'kufufuta yonse yotsatira imene ikufanana nawo. Mu Excel silisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, koma china chilichonse limachiwerenga, ngakhale mpata wosaoneka uja.

Sankhani kolamu ya dzina yokha pa kamndandanda kathu. Mzere 3 utsala chifukwa cha mpata, mzere 4 utsala chifukwa mayina atembenuzidwa, 5, 6 ndi 10 nayo itsala. Mzere wokhawo umene ufufutike ndi 7, wa munthu amene sanali wobwerezedwa n'komwe. Maoda ake 7 apita naye limodzi, ndipo Excel ingokuuzani kuti yachotsa mzere umodzi, osatchula kuti uti.

Mukasankha dzina ndi foni pamodzi, palibe chimene chichoke. Mukasankha foni yokha, mizere 3, 4, 6, 8 ndi 10 ipita, ndiye kuti Chisomo watayika. Pamenepa pali msampha winanso: batanili limaona mabokosi opanda kanthu ngati ofanana. Ngati makasitomala 40 alibe nambala ya foni, patsala mmodzi yekha.

Batanili ndi labwino pomalizira ntchito, mutadziwa kale kuti ndani ndi ndani. Poyambira ntchito pa mayina osiyana kalembedwe, musalikhudze.

Kolamu yothandizira: kuyeretsa dzina ndi mafomula

Njira imeneyi ndi imene ndimayamba nayo nthawi zonse, ndipo ndiikhalira pang'ono. Dzina loyambirira simulisintha. Pambali pake mumapanga kolamu ina, mmene dzina lililonse limavulidwa zonse zimene olemba amasiyanitsa, kufikira patatsala chigoba chokha. Mayina awiri akakhala ndi chigoba chofanana, ndiye kuti ndi oyenera kuwayang'anitsitsa.

Poyamba chotsani mipata yowonjezera ndipo zilembo zonse zikhale zazing'ono. Mu D2 lembani:

```
=LOWER(TRIM(SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(160)," ")))
```

TRIM imachotsa mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto, n'kusiya umodzi wokha pakati pa mawu. Koma pali mtundu wina wa mpata, wa nambala 160, umene umabwera ndi mawu okopedwa pa intaneti kapena mu imelo, ndipo TRIM siuona. N'chifukwa chake tayamba tausandutsa mpata wamba. Mukaona mayina awiri ooneka ofanana ndendende koma fomula ikuwasiyanitsa, yesani `=LEN(A2)` pa onse awiri. Kutalika kukasiyana, muli chilembo chobisika.

Kenako chotsani zizindikiro, ndi kufananitsa zilembo zimene olemba amasinthanitsa. Mu E2:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(D2,"'",""),"."," "),","," "),"r","l"))
```

Nkhodolero yachoka, mpumiro ndi mpatuliro zasanduka mipata, ndipo r aliyense wasanduka l. Apa ndi pamene inu mumaposa pulogalamu iliyonse, chifukwa mukudziwa mmene mayina a m'ndandanda wanu amalakwikira. Wolankhula Chichewa amadziwa kuti l ndi r amalowana m'malo, kuti wina amalemba ŵ pamene wina angolemba w, kuti h wa mu ph, th ndi kh amagwa kawirikawiri. Chilichonse mwa izi ndi SUBSTITUTE imodzi yowonjezera. Nkhodolero ilinso mitundu iwiri, yowongoka ndi yopindika imene mafoni ndi mapulogalamu olembera amaika okha. Yopindikayo muichotsa ndi `UNICHAR(8217)`. Dziwaninso kuti SUBSTITUTE imasiyanitsa R ndi r, n'chifukwa chake LOWER yabwera poyamba.

Chatsala ndi mayina otembenuzidwa. Mankhwala ake ndi kugawa dzinalo m'mawu ake, kuwasanja motsatira alifabeti, n'kuwalumikizanso. Mu Excel ya Microsoft 365, F2 ikhala:

```
=TEXTJOIN(" ",TRUE,SORT(TEXTSPLIT(E2,," ")))
```

Mu Google Sheets:

```
=JOIN(" ",SORT(TRANSPOSE(SPLIT(E2," "))))
```

Excel yakale ilibe TEXTSPLIT, choncho kumeneko mayina otembenuzidwa muwasiyira njira yachinayi, ya OpenRefine.

Tsopano mizere 2, 3, 4, 5 ndi 7 yonse ikuti "chikondi phili", ndipo 9 ndi 10 ikuti "ngoma tadala". Tapita patsogolo, koma mzere 7 walowa m'gulu lomwe si lake. Dzina lafika pomwe lingathe. Pakufunika mboni yachiwiri.

Mboni imeneyi kawirikawiri ndi foni, ngakhale imelo kapena tsiku lobadwa zingagwirenso ntchito. Nayo foni imalembedwa mosiyanasiyana: wina amayamba ndi nambala ya dziko, wina ndi ziro, ndipo Excel imameza ziro woyambayo bokosi likakhala la manambala. Kutenga manambala akumapeto okha kumathetsa zonsezi. Mu G2, H2 ndi I2 motsatana:

```
=RIGHT(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(B2," ",""),"-",""),9)
=F2&"|"&G2
=COUNTIF($H$2:$H$10,H2)
```

Nambala 9 muisinthe malinga ndi kutalika kwa nambala za foni zimene muli nazo, mutachotsa nambala ya dziko ndi ziro woyamba. Mu kolamu I, mizere 2, 3 ndi 4 ionetsa 3, mizere 9 ndi 10 ionetsa 2, ina yonse 1. Amenewa ndi magulu amene dzina ndi foni zagwirizana, ndipo mungawaphatikize mtima uli m'malo. Mzere 7 wapulumuka, Chisomo nayenso.

Chigobacho musachikhulupirire pachokha. Ng'oma yoimba ndi ngoma ya kutchire ndi mawu awiri osiyana, ndipo nkhodolero ikachoka zimaoneka chimodzi. Mayina nawo ndi choncho. Mizere 9 ndi 10 taiphatikiza chifukwa foni yavomereza, osati chifukwa zigoba zafanana. Ndipo mukamawonjezera malamulo ambiri, kuchotsa h, kuchotsa zilembo zobwereza, kuchotsa mavawelo, mumagwira obwerezedwa ambiri komanso anthu osalakwa ambiri.

Malire a njirayi ndi oonekeratu. Imagwira zolakwika zokhazo zimene munaziganizira. Wina akalemba "Chikodni" chala chitaterereka, palibe lamulo lanu limene limugwire. Ubwino wake ndi wakuti chilichonse chili poyera. Mnzanu akakufunsani chifukwa chimene mizere iwiri yaphatikizidwira, mumamuonetsa kolamu ndi kolamu, ndipo mawa mzere watsopano ukalowa mumangokokera fomula pansi.

Kufananitsa moyandikira mu Power Query

Pa zolakwika za zala zija pamafunika chida chimene chimayeza kuyandikana kwa mayina, osati kufanana ndendende. Excel ilibe fomula yotere, koma mu Microsoft 365 ya pa Windows muli Power Query, chida chokonzera matebulo, ndipo mmenemo muli zimenezi.

Ganizo lake ndi kufananitsa tebulo ndi ilo lomwe. Lowetsani mndandanda kudzera pa Data, From Table/Range. Onjezani nambala ya mzere pa Add Column, Index Column. Ndiye pa Home sankhani Merge Queries as New, ikani tebulo lomwelo pamwamba ndi pansi, dinani kolamu ya dzina mbali zonse ziwiri, n'kuchonga "Use fuzzy matching to perform the merge". Ndi bwino kugwiritsa ntchito chigoba cha mu kolamu F m'malo mwa dzina losayeretsa, kuti chidacho chisataye mphamvu pa zinthu zimene fomula yathetsa kale.

Pansi pa Fuzzy matching options pali Similarity threshold, muyeso wochokera pa 0 kufika pa 1. Mukapanda kulembapo kanthu imatenga 0.80. Pa 1 imafuna kufanana kwathunthu, ndipo mukamatsika imalola kusiyana kochuluka. Ine ndimayamba pa 0.90, kuona zimene zatuluka, kenako 0.80, n'kumatsika pang'onopang'ono. Pomwe mayankho ambiri atsopano ayamba kukhala anthu osiyana, ndabwerera m'mbuyo kamodzi n'kuima. Mayina aafupi ndiwo amavuta, chifukwa chilembo chimodzi pa dzina la zilembo zinayi ndi gawo lalikulu, pomwe pa dzina la zilembo 15 n'kachinthu kochepa. Muyeso umodzi sungakomere onse.

Zotsatira zikatuluka mudzaona kuti zachuluka mosayembekezereka, musadabwe. Mzere uliwonse umadzipeza wokha, ndipo awiri alionse amaoneka kawiri, 2 ndi 5 kenako 5 ndi 2. Tambasulani kolamu yatsopanoyo kuti Index, dzina ndi foni za mbali yachiwiri zioneke, ndiye sungani mizere yokhayo imene Index yoyamba ndi yochepa kuposa yachiwiri.

Pali cholakwika chimodzi chimene chimaoneka ngati nzeru: kusankha dzina ndi foni pamodzi pa kufananitsa moyandikirako. Mukatero, foninso iyezedwa moyandikira, pomwe nambala ziwiri zosiyana pa nambala imodzi yokha ndi za anthu awiri osadziwana. Dzina liyezedwe moyandikira, foni iyerekezedwe ndendende pambuyo pake, mu kolamu yakeyake.

Chimene ndimakondera njirayi ndi Transformation table. Ndi katebulo ka makolamu awiri, From ndi To, mmene mumalemba mayina amene ndi amodzi ngakhale zilembo zake sizikufanana: Yohane ndi John, Mariya ndi Mary, Chiko ndi Chikondi. Palibe masamu amene angadziwe kuti Yohane ndi John ndi dzina limodzi. Mumachita kuiuza, ndipo mukaiuza kamodzi imakumbukira. Komanso masitepe onse amasungika, moti mwezi wamawa mumangodina Refresh. Kwa amene amalandira mndandanda watsopano pafupipafupi, apa ndi pamene njirayi imapambana zinzake.

Kuipa kwake n'kwakuti sikufotokozerani chifukwa chimene yayandikizira mayina awiri, ndipo imakupatsani awiriawiri, osati magulu. Zimatheka kuti A afanane ndi B, B afanane ndi C, koma A ndi C asafanane. Kusonkhanitsa unyolo wotere ndi ntchito ya manja anu. Ndipo pa mizere 2 ndi 7, imene mayina ake ndi ofanana ndendende, muyeso uliwonse umene mungaike udzati ndi munthu mmodzi.

OpenRefine

Iyi ndi pulogalamu yaulere yopangidwira kuyeretsa mindandanda. Kale inkatchedwa Google Refine, ndipo dzina la OpenRefine inalitenga mu 2012. Imatseguka mu burauza koma imayenda pa kompyuta yanu, choncho mayina ndi manambala a makasitomala satuluka kupita kwina. Mndandanda mumaulowetsa monga fayilo ya Excel kapena CSV, n'kuubweza mukamaliza.

Poyamba pangani kope ya kolamu ya dzina pa Edit column, Add column based on this column, chifukwa OpenRefine imalemba pamwamba pa mayina amene mwawaphatikiza. Pa kopeyo sankhani Edit cells, Cluster and edit. Patseguka zenera loonetsa magulu a mayina ofanana, lililonse ndi chiwerengero cha mizere yake, ndipo palibe chimene chisinthe musanachonge nokha.

Njira yoyamba, key collision ndi fingerprint, imachita zomwe tinachita ndi mafomula zija: kuchotsa mipata ndi zizindikiro, kuchepetsa zilembo, kusandutsa ŵ kukhala w, kusanja mawu. Pa kamndandanda kathu isonkhanitsa 2, 3, 4 ndi 7, komanso 9 ndi 10. Mzere 5 siugwira, chifukwa sidziwa za l ndi r. Mukasintha kupita ku nearest neighbor ndi levenshtein, mzere 5 upezeka. Muyeso umenewu, wotchedwa ndi dzina la Vladimir Levenshtein amene anaufotokoza mu 1965, umawerenga kuti pakufunika kusintha, kuwonjezera kapena kuchotsa zilembo zingati kuti dzina lina lisanduke linzake. Kuchoka pa Phiri kufika pa Phili ndi 1. Kuchoka pa Chikondi kufika pa Chikodni ndi 2, ndiye kuti muchigwire Radius iyenera kukwera kuchoka pa 1 kufika pa 2. Koma kuchoka pa Banda kufika pa Bande ndi 1 basi, ndipo amenewa ndi mayina awiri.

Pa zenera lomwelo pali Block chars, imene imayambira pa 6. Anaiikapo chifukwa kuyerekeza mzere uliwonse ndi unzake n'kolemetsa: mizere 1,200 yokha imabala awiriawiri 719,400. Choncho pulogalamuyi imangoyerekeza mayina amene ali ndi zilembo 6 zotsatizana zofanana. Mayina aafupi amene cholakwika chili pakati sakumana n'komwe. Ngati kolamu yanu ili ndi mayina aafupi, tsitsani pa 3 kapena 4, mulole kuti ichedwe.

Mupezamonso njira zoyerekeza mamvekedwe a mayina, monga metaphone3 ndi cologne-phonetic. Yoyambayo anaipangira Chingerezi, yachiwiriyo Chijeremani. Vuto la njira zotere limaoneka bwino pa kholo lawo, Soundex, ya mu 1918, imene anthu ambiri amaikopera m'masipuredishiti awo. Imasunga chilembo choyamba, n'kupereka manambala atatu pa makonsonanti otsatira, mavawelo n'kuwataya. L ndi 4, R ndi 6. Ndiye Phiri amakhala P600, Phili P400: yalekanitsa zimene khutu lathu limamva ngati chimodzi. Pomwepo Banda, Bande ndi Bondo onse amakhala B530. Pa mayina amene si a zilankhulo zimene njirazi anazipangira, ziyeseni pomaliza, ndipo gulu lililonse muliwerenge ndi maso awiri.

Chofooka chachikulu cha OpenRefine pa ntchito yathuyi n'chakuti zenera la magulu limaona kolamu imodzi yokha. Foni simuiona. Mukaloza gulu, pamatuluka Browse this cluster, ndipo pamenepo mungaone mizere yonse yathunthu. Koma njira yosavuta ndi kulola kuti ifananitse kalembedwe pa kope ija, kubwerera ku sipuredishiti, n'kulumikiza dzina loyeralo ndi foni monga tinachitira mu kolamu H. Kumbukiraninso kuti Merge selected & re-cluster sichotsa mzere uliwonse. Imangofananitsa kalembedwe.

Ndiye musankhe iti

Mizere ikakhala mazana ochepa, kolamu yothandizira ndi maso anu n'zokwanira. Sanjani potsatira chigoba, werengani, kenako sanjaninso potsatira foni n'kuwerenganso. Kusanja kwachiwiriku n'kumene kumaulula "C. Phiri", amene palibe njira yoyeza mayina imene ikanamugwira popanda kukoka anthu ena ambiri.

Mizere ikakhala masauzande ndipo ntchitoyo ndi ya kamodzi, mwachitsanzo mukusamutsira mndandanda wakale ku pulogalamu yatsopano, OpenRefine ndiyo yoyenera, chifukwa imakuonetsani magulu musanavomereze ndipo sitepe iliyonse mungaibweze pa Undo / Redo. Ntchito ikakhala yobwerezabwereza ndipo muli kale pa Excel ya Microsoft 365, nthawi yokonza Power Query idzabwerera. Amene muli pa Google Sheets, mafomula ndi OpenRefine ndiwo anu. Ndipo zonsezi sizilimbana. Ine ndimayamba ndi mafomula, chifukwa amatha gawo lalikulu losavutalo, ndiye chida choyeza moyandikira chimatsala ndi zovuta zenizeni zokha.

Posankha muyeso, ganizirani zolakwika ziwiri zimene zingachitike, chifukwa sizilemera mofanana. Mukasiya munthu mmodzi m'mizere iwiri, alandira uthenga kawiri ndipo chiwerengero cha makasitomala chikwera pang'ono. Zimenezi mudzazikonza tsiku lina. Mukaphatikiza anthu awiri, ngongole ya wina yapita kwa mnzake, katundu apita kolakwika, ndipo mzere umene ukanakuuzani zoona mwaufufuta. Ndinaonapo kasitomala akukumbutsidwa ngongole ya munthu amene ankangofanana naye dzina, ndipo kupepesa kwake kunatenga nthawi yaitali kuposa kuyeretsa mndandanda wonse. N'chifukwa chake pokayika ndimasiya mizere iwiri.

Kuphatikiza popanda kutaya kanthu

Kupeza obwerezedwa ndi theka la ntchito. Mzere umene mukufuna kufufuta nthawi zambiri uli ndi kanthu kamene unzake ulibe: maoda, imelo, keyala yatsopano. Choncho musafufute kaye. Tsegulani kolamu J ya nambala ya kasitomala, ndipo mizere yonse ya munthu mmodzi muipatse nambala imodzi. Pa kamndandanda kathu, 2, 3 ndi 4 ikhale 101, mzere 5 ukhale 102, mzere 6 ukhale 103, mzere 7 ukhale 104, mzere 8 ukhale 105, ndipo 9 ndi 10 ikhale 106.

Sonkhanitsani maoda mu K2:

```
=SUMIF($J$2:$J$10,J2,$C$2:$C$10)
```

Mizere ya 101 ionetsa 9, ya 106 ionetsa 6. Tsopano kopani kolamu K n'kuimata pomwepo ndi Paste Special, Values. Sitepe iyi anthu amaiiwala. Fomula ikatsala yamoyo, mukangofufuta mizere iwerenganso, ndipo 9 uja abwerera pa 6.

Popeza Remove Duplicates imasunga mzere wapamwamba, sanjani kuti m'gulu lililonse mzere wabwino koposa ukhale pamwamba, kaya watsopano kwambiri kapena wodzaza kwambiri. Zimene zikusowamo muzikopere kuchokera m'mizere inzake. Mukatha apo ndi pamene batani lija limagwira ntchito yake, mutasankha kolamu J yokha. Pa mizere yonse 9 patsala 6. Phatikizani kolamu K: 9, 1, 3, 7, 2 ndi 6 zikupanga 28, monga poyamba paja. Mukapeza 24, ndiye kuti fomula simunaimate ngati Values. Mukapeza nambala ina, pali mzere umene wapita ndi maoda ake, bwererani ku kope ija. Ngati pali tsamba lina, la malisiti kapena la ngongole, limene limatchula makasitomala ndi mayina, liikeninso nambala zatsopanozi mizere yakale isanachoke, apo ayi malisiti a "Phiri, Chikondi" atsala opanda mwini.

Nanga mizere 5 ndi 6? "Chikondi Phili" wopanda foni angakhale wa 101, angakhalenso wa 104, popeza a Chikondi Phiri alipo awiri. "C. Phiri" ali ndi foni ya 101, koma foni yomweyo ndi ya Chisomo, ndipo mayina onse awiri amayamba ndi C. Mu sipuredishiti mulibe chimene chingagamule mlandu umenewu, ndipo kutsitsa muyeso sikuwonjezera umboni. Mizere iwiriyi ipakeni mtundu, lembani pambali kuti "102: mwina 101 kapena 104" ndi "103: mwina 101 kapena 105". Ya 103 njosavuta, muimbire pa nambala ya 4417 ija mufunse kuti maoda atatuwo anali a ndani. Ya 102 idikire lisiti lakale, kapena tsiku limene mwini wake adzabwerenso n'kupereka nambala ya foni.